Ndiwauze chiyani aphunzitsi atsopano?

Funso: Ndine mphunzitsi wamkulu ku Monkey Bay. Andipempha kukalankhula mphindi zisanu kwa aphunzitsi omwe angomaliza maphunziro ku Machinga TTC, za kupitiriza kuphunzira ali pantchito. Ndikanene chiyani?

Yankho: A hedi, musankhe nkhani imodzi yokha, yakwanuko. Kukoleji anaphunzira kuphunzitsa kuwerenga m'Chichewa, koma ku Makanjira kapena ku Malindi akapeza ana a Sitandade 1 amene kunyumba amalankhula Chiyao. Mwana wotere amatha kubwereza ma, me, mi bwinobwino asakumva kanthu. Mukamufunsa za m'nkhaniyo amangoti duu. Auzeni kuti apa ndi poyambira maphunziro awo: azilemba m'kope mawu a Chiyao omwe ana akuwaphunzitsa, ndipo azikhala kumbuyo m'kalasi ya mphunzitsi wakale n'kumaona mmene amachitira.

Kenako tchulani TDC ya m'zoni yawo. Ambiri amapitako akamva za alawansi basi, zomwe ine zimandinyansa. Azipita ndi vuto lenileni, monga ana ojomba usipa ukachuluka, akalifunse kwa a PEA ndi anzawo. Za madipuloma a ku Domasi muzisiyire tsiku lina.