Mizimu ya makolo: chaka choyamba munthu atamwalira

Ana athu, ambiri a inu muli ndi achibale m'midzi ya ku Mponela, Madisi kapena Malomo amene amati, "Agogo akwiya," chikhalirecho agogowo anaikidwa m'manda kalekale. Musathamangire kuseka. Msilamu ayenera kudziwa chimene mnansi wake akutanthauza asanamuyankhe.

Pa Chichewa, munthu akamwalira thupi limapita kumanda koma mzimu sutha, ndipo suchoka pamudzi tsiku lomwelo. Tiyerekeze kuti gogo wamkazi wamwalira m'dzinja m'mudzi wina ku Ntchisi. Patapita masiku ochepa chiikireni maliro, abale amasonkhana n'kumeta tsitsi. Uku ndi kumeta koyamba. Maliro sanathebe: amakhulupirira kuti mzimu ukadayendayenda pafupi ndi nyumba, sunakhazikike. Banja limadikira miyezi ingapo, kawirikawiri mpaka atakolola, chifukwa mwambo wotsatira umafuna chimanga ndi chimera. Kenaka mwinimbumba, amene nthawi zambiri ndi malume, amaitanitsa abale, mowa umafulidwa, anthu n'kumetanso kachiwiri. Pamwambowu, umene ena amati mpalo ena bona, ndi pamene Gule Wamkulu amatuluka, ndipo eni mwambo amati zilombozo zimaimira mizimu yodzalandira mnzawo. Kuyambira pamenepo gogo uja walowa m'gulu la makolo.

N'chifukwa chiyani anthu amakhulupirira kuti akadalipo? Yang'anani munda. Kwa Achewa malo amayenda kuchikazi: munda umene mayi akulima lero unali wa amayi awo, ndipo malire ake amadziwika potchula mayina a akufa. Dzina nalonso limabwerera, pakuti mdzukulu akabadwa amapatsidwa dzina la gogo uja, mpaka akuluakulu ena amamuitana khandalo kuti "amayi". Munthu amene munda wake ukukudyetsani, dzina lake likuitanidwa pakhomo, ndiponso mumamulota usiku, n'kovuta kunena kuti anachokeratu. Si kuno kokha: mabanja a ku China amakasesa manda a makolo awo chaka ndi chaka kumayambiriro kwa Epulo.

Tsono mwana akadwaladwala, wina n'kulota gogo uja akudandaula njala, banja limati mzimu waiwalidwa. Amatenga ufa kapena mowa pang'ono, kukathira patsinde pa mtengo kapena m'kachisi, akuomba m'manja ndi kutchula dzina. Iyi ndiyo nsembe. Eni ake amanena kuti sapembedza gogoyo, koma akumutuma kwa Chauta monga munthu amadzera kwa nyakwawa pofuna mfumu. Choopsa chimene ndimaonapo n'chakuti masiku amatha banja likufufuza mzimu umene wakwiya, pamene mwanayo ali ndi malungo ofuna chipatala tsiku lomwelo.

Chisilamu nachonso sichinena kuti wakufa watha. Kurani, mu sura 23 ndime 100, imatchula barizakhi, chotchinga chimene chili pakati pa akufa ndi dziko lino mpaka tsiku louka. Kusiyana kuli pa mbali imene pempho likulowera. Pa nsembe, amoyo amapempha kwa akufa. Kwa ife, amoyo amapempherera akufa kwa Allah, pakuti wakufa sangachiritse mwana kapena kugwetsa mvula; iye ndiye wosowa thandizo lathu. Kumupempha zimene Allah yekha amapereka ndi shiriki.

Hadisi ya m'buku la Imamu Muslim imaphunzitsa kuti ntchito za munthu zimaduka akamwalira kupatula zitatu: sadaka yopitirira, maphunziro othandiza anthu, ndi mwana wabwino womuchitira duwa. Swahaba Saadi bin Ubada, mayi ake atamwalira, anafunsa Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso zikhale pa iye) za sadaka yoposa, nauzidwa kuti ndi madzi, ndipo anakumba chitsime m'dzina la mayiwo. M'mapiri mwathu muno, momwe amayi amatsika kudambo ndi ndowa m'mwezi wa Okutobala, kukonzetsa mjigo wowonongeka ndi sadaka ya mtundu womwewo. Kubweza ngongole za malemu, kuyendera anzawo amene anawasiya, ndi kupita kumanda kukapereka salamu ndi duwa, zonsezi ndi ulemu wololedwa.

Pa sadaka ya chakudya ya masiku 40, imene timati arubaini, mashehe athu m'Malawi sagwirizana. Ambiri a Kadiriya amaichita. Ena amati kuika tsiku lakelake kulibe umboni m'Sunna. Sindiweruza pano, koma makolo ndi a komiti ya mzikiti afunse mafunso awiri mpunga usanaphikidwe. Kodi chakudyachi n'chodyetsa osauka kuti malipiro afike kwa malemu, kapena tikuopa kuti akapanda kudya atidwalitsa? Nanga ndalama yake ikuchokera kuti? Ngati ikuchokera pa mbuzi kapena fodya zimene malemu anasiyira ana amasiye, chumacho chili ndi eni ake, ndipo ngongole ndi magawo a olowa m'malo zimayamba kuonedwa mphika usanatereke.