Mwana akamasanza, siyani kapu, tengani supuni

Kuyambira Januwale mpaka Malichi, m'midzi ndi m'maesiteti a ku Kasungu anthu amakhala ali kalikiliki kuthyola fodya ndi kusoka m'zigafa. Nthawi yomweyi ndi imene malungo ndi matenda a m'mimba amavuta ana. Mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri akayamba kusanza mobwerezabwereza, mayi amachita mantha n'kumupatsa kapu yodzaza. Mwana amagugudiza chifukwa cha ludzu, ndipo posakhalitsa zonse zabwerera. Apa ambiri amagwa ulesi, amati akukana madzi. Sakukana madzi ayi. M'mimba mukavunduka simulola zambiri nthawi imodzi, koma zochepa zolowa pafupipafupi zimakhazikika.

Musanayambe chilichonse, muyang'aneni bwino mwanayo, pakuti kusanza kwina si kosamalira pakhomo. Ngati wakomoka, walefuka moti sakudzuka bwino, akulephera kuyamwa kapena kumwa, khosi lauma, mimba yatupa, masanzi ali ndi magazi kapena ndi obiriwira ngati ndulu, kapena wayamba kusanza atagwa n'kumenyetsa mutu, nyamukani nthawi yomweyo. Mwana wonyentchera kapena wotupa mapazi nayenso apite kuchipatala msanga. Thupi likatentha, ayezedwe malungo tsiku lomwelo. Alangizi a zaumoyo amene ali ndi kiliniki ya m'mudzi amayeza ana osakwana zaka 5 ndi kupereka LA.

Kuno kwathu pali funso lina loyenera kufunsa: kodi mwanayu amasewera kuti? Fodya wamuwisi, makamaka wonyowa ndi mame kapena mvula, amatulutsa chikonga chimene chimalowa pakhungu n'kuyambitsa nseru, kusanza ndi chizungulire. Mwana amene wakhala pa mulu wa masamba kapena watafuna tsamba, muvuleni zovala, mumusambitse ndi sopo, mupite naye kuchipatala akamuone. Choopsa koposa ndi mankhwala opopera ku nazale ndi kumunda, amene ena amasunga m'mabotolo a zakumwa. Mwana akamatuluka dovu lambiri ndi thukuta, akupuma movutika, kamwana ka diso katachepa kwambiri, musamusanzitse ndipo musamumwetse mkaka kapena mafuta. Tengani botololo muthamange nalo limodzi ndi mwana ku chipatala chapafupi, kaya ndi cha boma pa Kasungu, cha St Andrew's ku Mtunthama kapena cha Nkhamenya.

Ngati zonsezi palibe, mwana ali maso ndipo akukuzindikirani, ntchito ndi yanu. Sambani m'manja ndi sopo. Sungunulani paketi yonse ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa n'kuzizira, kapena othira kolorini. Mabotolo awiri a madzi a 500 ml ndiwo lita. Musagawe paketi mongoyerekeza, ndipo musachepetse madzi poganiza kuti akhala amphamvu: mchere ukachuluka umamupweteka mwana. Vundikirani, ndipo wotsala mutaye pakatha maola 24. Thanzi akasowa usiku, phala lamadzimadzi kapena madzi ophikira mpunga angakugwirizizeni mpaka kuche. Zakumwa za m'botolo ndi zosungunula zija zili ndi shuga wambiri, zimawonjezera kutsegula m'mimba.

Mwana akangosanza, dikirani mphindi 10. Kenako mukhazikeni pamiyendo, mutu uli chilili, mumupatse supuni imodzi yaing'ono ya tiyi. Supuni imeneyi imalowa 5 ml. Dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, mupatseninso ina. Alira, alimbirana kapu, ndipo mtima wanu uwawa, koma musagonje. Wokana supuni mungamupatse ndi sirinji yopanda singano, kudonthezera m'mbali mwa tsaya, osati kukhosi. Woyamwa apitirize kuyamwa, pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Musamwetse mwana amene ali m'tulo kapena wagona chagada; pogona mugonekeni cham'mbali kuti masanzi asamutsamwe.

Supuni imaoneka yochepa, koma tiyeni tiwerengere. Titenge mwana wa chaka ndi theka, wolemera makilogalamu 10, amene wasanza kanayi chidzukire. Supuni imodzi pa mphindi ziwiri zilizonse ikukwana 150 ml pa ola. Tinene kuti patatha theka la ola wasanzanso. Sikuti zonse zapita pachabe: zambiri zimene anamwa zinali zitadutsa kale kulowa m'matumbo. Pumani mphindi 10, muyambirenso, mwina supuni imodzi pa mphindi zitatu. Akatha ola osasanza, onjezerani zikhale supuni ziwiri, kenako azipsontha pa kapu. Mwana wa sikelo imeneyi akakhala kuti wayamba kale kutha madzi, achipatala amamupatsa pafupifupi 750 ml m'maola anayi, kutanthauza 75 ml pa kilogalamu iliyonse. Mlingo umenewu ndi womwera pamaso pa azaumoyo, ndipo ukusonyeza kuti ntchitoyi si ya mphindi zochepa. Munthu mmodzi asiye za kuchigafa akhale ndi mwana. Kumusiyira mkulu wake wa zaka zisanu ndi ziwiri sikungathandize.

Pamene mukumwetsa, tcherani maso pa mkodzo, chifukwa ndiwo umayamba kuulula. Mwana amene ali ndi madzi okwanira amakodza kangapo pa tsiku, mkodzo wosada. Ukayamba kuchepa, kuda ndi kununkha, madzi ayamba kutha. Akatha maola 6 mpaka 8 thewera kapena kabudula ali gwa, musadikirenso. Pisani chala choyera m'kamwa mwake: muzikhala monyowa, osati momata. Onani ngati akutulutsa misozi polira, ndipo funsani wina amene amamudziwa ngati maso alowa m'kati, poti mayi amene wakhala naye tsiku lonse sazindikira msanga.

Khungu nalo limanena. Tsinani khungu la pamimba, pakati pa mchombo ndi m'mbali, muligwire kanthawi n'kulisiya. Likabwerera nthawi yomweyo, zili bwino. Likachedwa, madzi achepa, ndipo likaima kupitirira masekondi awiri, zafika poopsa. Kwa mwana amene liwombo silinatsekeke, kulowa kwa liwombo ndi chizindikiro cha kutha madzi basi. Mankhwala omata pamutu sangalidzutse. Lidzadzuka madzi akabwerera m'thupi.

Pali chimodzi chimene chimapusitsa makolo ambiri. Mwana amene wayamba kutha madzi amavuta, amalira, amamwa mwaphuma. Ameneyo muonjezereni Thanzi ndipo akaonedwe lero lomwe. Koma amene anali kuvuta, kenako wangoti zii, sakufunanso kumwa, manja ndi mapazi zazizira, sikuti wapeza bwino. Mphamvu zamuthera, akufunika diripi.

Kusanza kukaleka kwa maola angapo ndipo mwana akufuna chakudya, mupatseni phala kapena nthochi yakupsa pang'ono, musamusalitse. Ngati akutsegulanso m'mimba, mupatseni Thanzi kotala mpaka theka la kapu nthawi iliyonse akachita chimbudzi, ndipo wazaka ziwiri kupita m'tsogolo theka mpaka kapu yodzaza. Funsaninso alangizi za mapiritsi a zinki, ndipo amalize masiku onse. Musamugulire mankhwala oletsa kusanza pa golosale. Akasanza LA atangomwa kumene, bwererani kwa amene anakupatsani akuuzeni chochita.

Ngati mwayesa supuni kwa maola awiri kapena atatu koma chilichonse chikubwerera, kapena kusanza kwatha tsiku lathunthu, kwanu kwatha. Nthawi ya mvula misewu ya kumidzi imavuta ndipo kabaza usiku amasowa, choncho ganizani dzuwa lisanalowe. Tengani buku la kusikelo, botolo la Thanzi ndi supuni, muzimumwetsa m'njira.