Kutchula mayina katundu wa magulu atatu kuti wogula asasokonezeke

Ku Mzimba, yemwe amalipira katundu nthawi zambiri sakhala yemwe wabwera kudzamuona. Mwini ndalama ali ku Joni, akumanga nyumba kwawo ku Manyamula kapena ku Embangweni, ndipo wofika pa shedi ya kalipentala pa Boma ndi mlamu wake kapena mayi ake. Amagwirizana pa foni. Wa ku Joni amati, "Mukatenge zitseko zabwino zija." Kalipentala ali ndi zitseko za mitundu itatu, ndipo zonse amazitcha zabwino. Zikafika pa nyumba zimapezeka kuti si zimene mwini ndalama ankaganiza, mkangano n'kuyamba pakati pa abale, kalipentala n'kutchedwa wakuba asanabe kanthu. Vuto linali lakuti zitsekozo zinalibe mayina.

Njira ndikufotokoza pano ndi ya aliyense amene amagulitsa chinthu chimodzi m'magulu atatu, chotchipa, chapakati ndi chapamwamba. Ndigwiritsa ntchito zitseko, koma wosoka mayunifolomu kapena woika uchi m'mabotolo atha kuitsata chimodzimodzi.

Musanaganize za dzina lililonse, khalani pansi ndi kope mulembe chimene chikusiyanitsa magulu atatuwo. Anthu ambiri amalumpha apa, ndiye chifukwa chake mayina awo sagwira. Kusiyanako kukhale koti wogula angathe kukuona kapena kukugwira ndi dzanja. Tiyerekeze kuti kalipentala wathu walemba motere. Chitseko choyamba ndi cha matabwa a paini, opalidwa bwino, choyenera zipinda za m'kati kumene mvula sifika. Chachiwiri ndi cha bulugama wouma, chokhuthala kuposa choyambacho, chopakidwa vanishi, ndipo chingakhale pa khomo la kunja lomwe lili ndi khonde. Chachitatu ndi cha mtengo wolimba wogulidwa kwa ogulitsa a chilolezo, chokhuthala kwambiri, chokhala ndi mahinjesi atatu, cha pa khomo lalikulu. Gulu lililonse likhale ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zimene lapansi pake lilibe. Mukapeza kuti chachiwiri ndi chachitatu zikungosiyana mtengo wogulira basi, ndiye kuti muli ndi magulu awiri, ndipo musakakamize lachitatu.

Kenako sankhani dzina limodzi la banja lonse, lomwe lidzakhale kutsogolo kwa katundu wanu yense. Likhale lalifupi, losavuta kulitchula m'Chitumbuka ndi m'Chichewa momwe, chifukwa pa Boma ndi pa Jenda ogula amalankhula zonse ziwiri. Tiyerekeze kuti kalipentala wasankha dzina la phiri la Hora, lomwe aliyense m'bomali amalidziwa. Dzina la banjali limauza wogula amene wapanga chinthucho. Dzina lachiwiri ndi lomwe lidzamuuze gulu lake, ndipo ntchito yaikulu yagona pamenepo.

Mayina atatu a magulu ayenera kukwera okha ngati makwerero, munthu akangowamva adziwe lapansi ndi lapamwamba popanda womufotokozera. Chitsanzo chabwino chili m'sitolo iliyonse ya mbewu. Kampani ya Seed Co inapatsa chimanga chake mayina a nyama: SC 403 ndi Kanyani, SC 627 ndi Mkango, SC 719 ndi Njobvu. Mlimi amene sangasunge manambalawo pamtima amadziwabe kuti Kanyani imacha msanga ndipo Njobvu imafuna nyengo yaitali ya mvula. Nyama ikamakula, nambala nayo ikukwera, choncho zizindikiro ziwirizi zikunena chinthu chimodzi. Tizindikire kuti makwerero a Seed Co akunena za nthawi yokhwimira. Kanyani si mbewu yotsika, ndipo kumalo kumene mvula imasiya msanga ndiyo yoyenera. Chimene tingatengepo ndi kapangidwe kake: mayina onse achokera ku gulu limodzi la zinthu, ndipo akukwera pa muyezo umodzi wokha.

Manambala paokha ndi oopsa kuno kwathu, ndipo ndikulangiza kuti muwapewe. Mukalemba Hora 1, Hora 2, Hora 3, theka la ogula lidzaganiza kuti Hora 1 ndiyo yapamwamba, poti tinazolowera kunena kuti nambala wani, ndipo pogiredi mbewu giredi yoyamba ndiyo yabwino. Theka linalo lidzaganiza kuti 3 ndi yoposa, monga simenti ya 42.5 imaposera ya 32.5. Pa malata zinthu zimatembenukanso: a geji 28 ndi okhuthala kuposa a geji 32, ndipo amene akumanga koyamba ambiri amasokonezeka nazo. Wogula zitseko wanu wangochoka kumene ku hadiweya komwe wakumana ndi manambala okwera ndi otsika tsiku limodzi. Musamuwonjezere ena.

Mawu a Chingerezi otamanda katundu nawonso samanga makwerero. Taonani mayina a maphukusi a GOtv monga Plus, Max ndi Supa. Onse akumveka aakulu, ndipo munthu amene sanaone mitengo yake sangadziwe mosavuta kuti woposa mnzake ndi uti. Kampani yaikulu imatha kulipira zotsatsa mpaka anthu ataloweza. Kalipentala wa pa Boma alibe ndalama zotere, choncho mayina ake ayenera kudzifotokoza okha.

Tiyeni timutsatire posankha. Iye akufuna nyama zokwera pa mphamvu, ndipo poyamba walemba Mbuzi, Njati, Njovu. Mbuzi ichoke nthawi yomweyo. Dzina la gulu lotchipa lisachititse manyazi wogula, pakuti munthu amalitchula mokweza pamaso pa anthu ena, ndipo palibe bambo angafune kunena kuti nyumba yake yonse ili ndi zitseko za Mbuzi. Pa chifukwa chomwecho pewani mayina ngati Yotchipa kapena Yongoyembekezera. Ogula a gulu limeneli amakhala ambiri, ndipo ena mwa iwo ndi amene adzagule chapamwamba chaka chamawa. Mbawala ikhoza kulowa m'malo mwake: ndi yaing'ono, yopepuka, koma palibe amainyoza.

Njati ndi Njovu nazo zili ndi vuto. Zonse zimayamba ndi "nj", ndipo pa foni imene netiweki ikudukaduka, kapena pa lisiti yolembedwa mwachangu, n'zosavuta kuzisokoneza. Komanso dzina la Njati lili kale pa matumba a simenti, m'masitolo omwewo amene ogula zitseko amapitako. Kalipentala angaike Nkhunzi pakati, dzina lomwe m'dera la ng'ombe ngati Mzimba limalemekezedwa, ndipo pamwamba angalembe Zovu monga a Chitumbuka amatchulira. Tsopano ali ndi Hora Mbawala, Hora Nkhunzi ndi Hora Zovu. Mayinawa akuyamba ndi zilembo zosiyana, M, N ndi Z, choncho ngakhale mnyamata wa pa shedi atangolemba chilembo chimodzi m'buku la maoda, palibe chosokonekera.

Dzina lokha silikwanira kwa amene satha kuwerenga, ndiye liperekezeni ndi chizindikiro chowerengeka. Nyenyezi imodzi pa Mbawala, ziwiri pa Nkhunzi, zitatu pa Zovu. Nyenyezi sizisokoneza ngati manambala, chifukwa aliyense amaona kuti zitatu n'zambiri kuposa imodzi. Chizindikirocho chikhale pa chitseko chenichenicho, osati pa pepala lomata lomwe lingagwe pa msewu wa fumbi wopita ku Edingeni. Kalipentala angapangitse kachitsulo kodindira kwa owotcherera, n'kumakatenthetsa pa moto ndi kudinda m'mphepete mwa chitseko, mbali ya mahinjesi kumene vanishi sabisa. Mayi wolandira katundu kumudzi amangowerenga nyenyezi, n'kujambula chithunzi kutumizira mwana wawo ku Joni.

Dongosolo la dzina lonse lisasinthe: banja, gulu, kenako kukula. Hora Nkhunzi 81 ndi chitseko chapakati cha masentimita 81 m'lifupi. Kukula, mtundu wa utoto ndi maluwa osema zisalandire mayina a nyama, apo ayi wogula adzaganiza kuti chitseko chachikulu ndiye chapamwamba. Mtengo wogulira usalowenso m'dzina. Ambiri amatchula katundu kuti "cha fifite" kapena "cha handiredi", koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mayina otere anasanduka bodza ndipo ogula ankaona ngati akuberedwa. Mtengo ukhale pa bolodi, wolembedwa ndi choko, pafupi ndi dzina lomwe silisintha.

Musanadinde kanthu, yesani mayinawo pa anthu. Lembani lililonse pa kapepala kake popanda nyenyezi, mupatse anthu khumi amene sadziwa bizinesi yanu, aliyense payekha, muwapemphe kuti asanje kuyambira chotchipa mpaka chodula. Pakhale mayi wa mumsika, wa kabaza, mmisiri womanga, mphunzitsi ndi gogo wa kumudzi amene mungamuwerengere mayinawo. Musawathandize, ngakhale ndi nkhope. Ngati oposa awiri asanja molakwika, dzina lina likunama, ndipo afunseni chifukwa chimene aikira pamenepo. Kenako imbirani munthu foni muli pa shedi makina akulira, mutchule dzina limodzi kamodzi kokha, iye alilembe. Funsaninso achikulire ngati dzina lina lili ndi tanthauzo loipa kapena likukhudza mfunda wa banja lina, poti m'bomali mayina ena a nyama ndi a mabanja.

Mukayamba kugulitsa, mudzadziwa kuti mayina agwira mukamva ogula akuwatchula okha. Akamapitiriza kufunsa kuti "chabwino ndi chiti apa?" kapena kunena "cha pakati chija", dzina lapakatilo silinalowe. Ngati zitseko zikubwezedwa ndi mawu akuti si zimene ndinaitanitsa, onani kaye ngati antchito anu akugwiritsa ntchito mayina omwewo pa lisiti, pa bolodi ndi pa WhatsApp. Kawirikawiri mpamene dongosolo limaphwasukira: bwana akuti Nkhunzi, mnyamata akuti cha bulugama, lisiti ikuti sitandadi.

Chimene chimapha mayina otere msanga ndi kusintha katundu mwakachetechete. Mtengo wolimba ukasowa, mayesero amakhalapo oti mupange Zovu ndi bulugama n'kumupaka utoto wakuda. Musatero. Nenani kuti Zovu kulibe mwezi uno, kapena gulitsani chitsekocho monga Nkhunzi pa mtengo wa Nkhunzi. Kupatula kutaya makasitomala, kunamiza wogula za katundu ndi nkhani imene bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo ake. Bizinesi ikakula mpaka zitseko zanu kufika ku Kasungu ndi ku Mzuzu, kalembetseni dzina ndi chizindikiro chanu ku ofesi ya boma yolembetsa zizindikiro za malonda, ndipo kumeneko mudzadziwanso ngati wina analembetsa kale dzina lofanana nalo pa katundu wa mtundu womwewo. Dzina la malo palokha limavuta kulitenga kukhala la munthu mmodzi, choncho konzekerani kulembetsa dzina lonse pamodzi ndi chithunzi cha chidindo chanu.