Avareji ya mabelo ikasintha ndi belo limodzi

Funso: Mlembi wa gulu la alimi a fodya m'boma la Chifunde, ku Tete, wayeza mabelo 9 ndipo avareji yake ndi makilogalamu 80. Kwabwera belo lina la makilogalamu 100. Kodi ayenera kuphatikizanso manambala onse kuyambira pachiyambi?

Yankho: Ayi. Chofunika kusunga ndi manambala awiri okha: avareji yakale ndi chiwerengero cha mabelo. Choyamba, mlembi aone kusiyana kwa belo latsopano ndi avareji yakale. Kuchotsa 80 pa 100 kutsala 20. Makilogalamu 20 amenewa agawidwe pa mabelo onse, omwe tsopano ndi 10, ndipo belo lililonse lilandira 2. Kuwonjezera 2 pa 80, avareji yatsopano ndi makilogalamu 82. Belo latsopano likakhala lopepuka kuposa avareji, gawolo limachotsedwa m'malo mowonjezera.

Njirayi si yongoyerekeza. Mabelo 9 aja pamodzi amalemera 720. Ndi latsopanolo akwana 820, ndipo kugawa ndi 10 kumapereka 82 yemweyo.

Pomwe ambiri amaphonya ndi pophatikiza 80 ndi 100 n'kugawa pawiri. Yankho lake, 90, ndi lolakwika, chifukwa belo limodzi lapatsidwa mphamvu yofanana ndi mabelo 9 onse. Ena amaiwala kuwerengera belo latsopano n'kugawa ndi 9. Vuto lina limabisala: mlembi akamataya manambala a pambuyo pa kadontho nthawi iliyonse, zolakwika zing'onozing'onozo zimaunjikana. Choncho avareji ilembedwe m'kaundula ndi madesimali ake, pambali pa chiwerengero cha mabelo.