Diresi ya pa benchi ya kaunjika ikhale payokha pa chithunzi

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe. Akuti: "Ndinajambula diresi yofiira ili pa hang'ala pa benchi yanga. Kumbuyo kwake kuli majekete, zitenje ndi lona ya buluu. Mwana wanga akufuna kuiika pa chikalata chotsatsira malonda, ioneke yokha. Akadina chida chosankha mtundu, chikumadya ndi diresi yomwe. Titani?" Bambo, tiwathandize bwanji mayiwa?

Katswiri: Zikomo mayi polemba. Chida chimene mwanayo akudina, chomwe mu pulogalamu yaulere ya GIMP chimatchedwa Fuzzy Select, chimatsata mtundu basi, sichidziwa kuti ichi ndi chovala. Chimagwira bwino kumbuyo kukakhala khoma loyera. Koma pa benchi, diresi yofiira ikakhudzana ndi chitenje cha maluwa ofiira, chidacho chimaona ngati ndi nsalu imodzi. Ndiye musalimbane nacho. Chithunzi cha mumsika chimafuna kudula ndi dzanja.

Mukatsegula chithunzi, yambani mwapita pa Layer, kenako Transparency, ndi kudina Add Alpha Channel. Zimenezi ndi zimene zimalola chithunzi kukhala ndi malo opanda kanthu. Mukalumpha apa, paliponse pamene mwafufuta padzabwera mtundu wina, nthawi zambiri woyera.

Tsopano kulitsani chithunzi mpaka 300% kuti muziona ulusi wa m'mphepete. Dinani B kuti mutenge chida cha Paths, muyambire pa phewa n'kumaika timadontho mozungulira diresi yonse. Pamene pali powongoka, ngati m'mbali mwa siketi, timadontho titalikirane. Pa kolala, pa mkono ndi pa mpendero pamene nsalu yapindikapindika, tithithikane. Ndipo muziyenda m'kati pang'ono mwa nsalu, osati kunja. Kutaya kaulusi kamodzi ka diresi palibe angaone, koma kamzere ka lona ya buluu kakatsalira m'mphepete, aliyense amakaona.

Mukazungulira, pitani pa Select, dinani From Path. Pomwepo sankhani Shrink muike 1, kenako Feather muikenso 1 kapena 2, kuti m'mphepete musaoneke ngati mwadula ndi lezala. Mukapyola apo, diresi imaoneka ngati ili mu nkhungu. Kenako Ctrl+I kuti chosankhidwa chikhale cha kumbuyo, n'kudina Delete. Mukaona timabokosi totuwa ngati bolodi ya drafuti, ndiye kuti zatheka.

Muulutsi: Basi, ntchito yathera pomwepo?

Katswiri: Ayi ndithu. Pali mipata imene ambiri amaiiwala: pakati pa mkono ndi thupi la diresi, ndi pakhosi pamene pakuonekera hang'ala. M'menemo jekete la kumbuyo likadalimo. Mpata uliwonse uzungulireni pawokha ndi Path yatsopano, n'kufufuta, koma ulendo uno osadina Ctrl+I. Mukatha, yesani ntchito yanu: pitani pa Select, dinani None, kenako ikani leya yatsopano pansi pa diresi, muipake wakuda, kenako woyera. Zinyalala zimene timabokosi tija timabisa zimaonekera poyera. Mukakhutira, leya yoyesera ija ichotseni.

Muulutsi: Kalata ina ndi ya mnyamata wa ku Mchesi ku Lilongwe. Akuti anadula malaya bwinobwino, koma atatumiza pa WhatsApp kwa wosindikiza, kumbuyo kunabwereranso mtundu.

Katswiri: Achimwene, kadulidwe kanu kalibe vuto. Fayilo ya JPEG siisunga malo opanda kanthu, imawadzaza ndi mtundu. Potulutsa, pitani pa File, Export As, dzina la fayilo lithere ndi .png. Pa WhatsApp musatumize ngati chithunzi wamba chifukwa imachifinya. Dinani potumizira zinthu paja, musankhe Document, fayilo ikafika monga mmene ilili.

Muulutsi: Nanga mkono wa chovala utabisika ndi chovala china?

Katswiri: Chimene kamera sinachione, palibe chida chingachibweze. Mapulogalamu ena amapeka mkonowo, koma wogula akabwera pa benchi adzapeza chovala chosiyana ndi chimene anaona, ndipo ulemu wanu ndi umene umapita. Chimodzimodzi diresi ya lesi: timabowo take ndi tambirimbiri, simungatifufute kamodzikamodzi. Apo jambulaninso. Tulutsani chovalacho pansi pa lona, chifukwa lona ya buluu imathira mtundu wake pa nsalu. Chipachikeni pamthunzi, kumbuyo mutayala nsalu ya mtundu umodzi wosiyana nacho, mikono mutaitambasula.

Muulutsi: Mwamva mayi a ku Limbe. Mwanayo ayese, ndipo pamene angakakamire mutilemberenso.