Phunziro: Chiwongoladzanja cha wolipira mochedwa

Invoisi ndi pepala limene wogulitsa amapereka kwa wogula, losonyeza katundu, mtengo wake ndi tsiku lolipira. Wogula akachedwa kulipira, mpamba wanu umagona m'thumba mwake pamene mitengo ya kooda ikukwera. Chiwongoladzanja ndi ndalama imene iye amawonjezera chifukwa cha kuchedwako.

Mulembe bwanji?

Kungolemba kuti "mukachedwa tidzawonjezera ndalama" kumabala mkangano, chifukwa aliyense adzawerengera mwake. Mawu anu ayankhe mafunso atatu: tsiku lomaliza kulipira ndi liti, chowonjezera ndi chochuluka bwanji, ndipo chikuwerengedwa pa ndalama ziti.

Tiyerekeze kuti telala wasokera sukulu ina mayunifolomu a K200,000. M'munsi mwa invoisi, pafupi ndi ndalama zonse, walemba kuti:

"Chonde lipirani pofika pa 30 Juni. Tsikuli likadutsa, tidzawonjezera 2 peresenti ya ndalama zotsala pa mwezi uliwonse wathunthu umene mwachedwa."

Mawu akuti 2 peresenti akutanthauza K2 pa K100 iliyonse. Pa K200,000, ndiye K4,000 pa mwezi. Sukulu ikalipira pa 31 Ogasiti, yachedwa miyezi iwiri, choncho ipereke K208,000. Koma ikadapereka K150,000 mu Juni, chiwongoladzanja chikadawerengedwa pa K50,000 yotsala yokha, ndiye K1,000 pa mwezi. Musaiwale mawu akuti "pa mwezi", poti wina angaganize kuti ndi pa chaka.

Munene liti?

Nenani pogwirizana mtengo, musanagule nsalu. Mulembenso pa kotesheni, wogula asayine, aliyense asunge pepala lake. Invoisi ingobwereza zimene mudagwirizana kale. Mukazitchula koyamba ngongole itachedwa kale, wogula adzati, "Izi sitidapangane," ndipo mudzasowa umboni.

Kukatsala masiku ochepa, mukumbutseni mwaulemu kuti: "Bambo, tsiku lolipira ndi pa 30 Juni, monga tidagwirizana." Apa simufunika kuwopseza. Tsiku likadutsa, mulembereni kuti chiwongoladzanja chayamba. Mwezi ukatha, tumizani pepala lina la mizere itatu: ngongole, chiwongoladzanja, ndi zonse pamodzi. Mukaphatikiza zonse m'nambala imodzi, wogula amaganiza kuti mwakweza mtengo mobisa.

Chowonjezera chikhale chochepa. Chikafanana ndi cha katapila, kasitomala amathawa, ngongole n'kukhala yosabwezedwa.

Mafunso

1. Tchulani zinthu zitatu zoyenera kupezeka m'mawu a chiwongoladzanja.
2. N'chifukwa chiyani tiyenera kunena za chiwongoladzanja ntchito isanayambe?
3. Ngongole ya K100,000 yachedwa miyezi itatu pa 2 peresenti pa mwezi. Wogula alipire zingati?
4. Lembani m'kope mwanu mawu amene mungaike pa invoisi ya bizinesi yanu.