Neti kapena kupopera? Musaiwale zaka

Tiyerekeze kuti funso lanu lili motere (manambalawa ndi ongopeka). M'dera lina, kupereka maneti kwadya K6,000,000 ndipo kukuteteza anthu 400 pachaka kuti asadwale malungo. Kupopera mankhwala m'makoma a nyumba kwadya K4,500,000, otetezedwa ndi 500. Njira yotsika mtengo ndi iti?

Timagawa ndalama zomwe zalowa ndi chiwerengero cha anthu otetezedwa. Kupopera kukupereka K9,000 pa munthu mmodzi. Maneti, mukangogawa mothamanga, mupeza K15,000, n'kunena kuti ndi odula. Apa m'pomwe ambiri amatayira malikisi.

Neti imayembekezeka kukhala zaka pafupifupi 3, pomwe mankhwala opopera amatha mphamvu pakangopita miyezi, ndiye amapoperanso chaka chilichonse. Choncho yambani mwagawa K6,000,000 ndi 3. Pachaka ndi K2,000,000, kutanthauza K5,000 pa munthu. Mwaona? Yankho latembenuka.

Komabe kupopera kukuteteza anthu 100 owonjezera, ndipo kukufuna K2,500,000 yapamwamba pachaka. Aliyense wa anthu amenewa akudya K25,000. Lembani zimenezi, chifukwa wogwira thumba la zaumoyo afunsa ngati ndalamayo singathandize ochuluka kwina.

Tchulaninso kuti neti ikang'ambika chaka chachiwiri, K5,000 ija imakwera.